Kuchoka ku bayoloje kupita ku akawuntingi pakati pa chaka chachiwiri: ndimaliza liti, nanga thandizo la fizi likhala bwanji?

Tadala:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munasinthapo pulogalamu komanso kwa inu amene mumagwira ntchito m'mayunivesite. Ndili kumapeto kwa semesita yachitatu ya digiri ya bayoloje, yomwe ndi ya zaka zinayi, ndipo ndatsimikiza mtima kuti ndipite ku akawuntingi pa yunivesite yomweyi. Mapulogalamu onse awiri amafuna makirediti 120, omwe ndi mapointi amene munthu amapeza akakhoza phunziro, ndipo kawirikawiri timatenga 15 pa semesita. Mwa makirediti 45 amene ndalembetsa kufika pano, ndikuyembekeza kukhala ndi 42, popeza phunziro limodzi la kemisitile silinandiyendere bwino chaka chatha. Theka la fizi yanga limalipiridwa ndi sikolashipu ya bungwe lina lachifundo, pamene theka linalo ndi ngongole ya maphunziro.

Mkulu wa dipatimenti ya akawuntingi anandiuza pakamwa kuti malo alipo, ndipo atayang'ana zotsatira za mayeso anga ananena kuti makirediti 30 angathe kuwerengedwa ku pulogalamu yatsopanoyo. Ndikufuna kudziwa kuti ndi ndaninso amene ayenera kuvomereza, kuti ndidzamaliza liti, ndiponso ngati ndiyenera kudziwitsa ondilipirira panopa kapena ndidikire kuti zonse zitheke kaye.

Bambo Mwale:
A Tadala, za tsiku lomalizira mungathe kuziwerengera nokha. Ngati akulandirani makirediti 30, ndiye kuti atsala 90, ndipo 90 mukawagawa ndi 15 mupeza masemesita 6. Mukawonjezera atatu amene mwaphunzira kale akwana 9, kutanthauza kuti muchedwa ndi semesita imodzi yokha poyerekeza ndi anzanu amene munayamba nawo. Ndiponso ngati mumakhoza bwino, mayunivesite ambiri amalola munthu kutenga makirediti 18 pa semesita akapempha chilolezo, ndipo 90 mukawagawa ndi 18 mupeza masemesita 5, choncho mungathe kumaliza pa nthawi yake osataya ngakhale mwezi umodzi. Za kuvomereza, mkulu wa dipatimenti ndiye mwini nkhani, ndipo iye akalola enawo amangosayina basi.

Mayi Nachisale:
Ndagwira ntchito yolangiza ophunzira pa kasankhidwe ka maphunziro kwa nthawi yaitali, choncho ndiyankhe pa zimene a Mwale alemba. Masamu awo ndi olondola, koma akungoonetsa nthawi yochepetsetsa imene munthu angamalizire ngati maphunziro onse atakhala otsegukira aliyense semesita iliyonse, zomwe sizichitika. Ndibwereranso ku mfundo imeneyi a Tadala akandiyankha funso limene ndiike kumapeto kuno.

Pa za kuvomereza ndikusiyana nawo kwambiri a Mwale. Mawu a pakamwa a mkulu wa dipatimenti ndi chiyambi chabwino, koma sasintha chilichonse m'kaundula wa yunivesite. Mayunivesite amasiyana pa mayina a maofesi, koma njira yake imafanana. Mumatenga fomu yosinthira pulogalamu, mlangizi wanu wa maphunziro amasayina kuti mwakambirana, kenako dipatimenti imene mukupitako imaona ngati mukukwanitsa zoyenereza zake, monga giredi ya masamu, komanso ngati malo alipodi. Dipatimenti imene mukuchokako nayonso imasayina kuti yakumasulani. Popeza bayoloje ndi akawuntingi nthawi zambiri zimakhala pansi pa madini awiri osiyana, omwe ndi akuluakulu oyang'anira magulu a madipatimenti, fomuyo iyenera kudutsa kwa onse awiri, ndipo m'malo ena dini sasankha yekha koma amaipereka ku komiti imene imakumana kamodzi kapena kawiri pa semesita. Chomaliza ndi ofesi ya rejisitala, ndipo kufikira ofesi imeneyo italemba kalata ndi kusintha dzina la pulogalamu pa akaunti yanu, inu mukadali wophunzira wa bayoloje.

Zimene zimagwetsa anthu ambiri ndi ziwiri. Choyamba ndi tsiku lotsekera kulandira mafomu, lomwe nthawi zina limafika semesita yatsopano isanayambe n'komwe, kotero kuti wochedwa ndi sabata imodzi amadikira semesita yathunthu, mwinanso chaka. Chachiwiri ndi kusiya kupita m'kalasi za pulogalamu yakale munthu akangomva kuti malo alipo. Mayeso a semesita inoyi muwalembe ndi mtima wonse, chifukwa komiti idzayang'ana zotsatira zomwezi, ndipo ikakukanani mudzapitiriza ndi magiredi omwewo.

Funso langa ndi ili: tatilemberani maphunziro a akawuntingi amene munthu saloledwa kutenga asanakhoze linzake, ndipo mutiuze semesita imene lililonse limaphunzitsidwa.

Limbani:
Ine ndinasamuka chaka chatha, ndipo ndikukuchenjezani kuti muyambe mwapempha chikalata chosindikizidwa cha zotsatira za mayeso anu onse pamodzi ndi ndondomeko ya zimene munaphunzira m'phunziro lililonse. Yunivesite yatsopano siwerenga phunziro pongoona dzina lake, imafuna kuona mitu imene munaphunzira. Mufunsenso kuti imafuna makirediti angati ophunziridwa pa sukulu yawo yomweyo kuti ikupatseni digiri, popeza ambiri salola kuti munthu abwere ndi pafupifupi zonse kuchokera kwina.

Tadala:
Zikomo a Limbani, koma ine sindikusamukira ku yunivesite ina, ndikungosintha pulogalamu pomwe ndili pano, choncho zotsatira zanga ali nazo kale.

Mayi Nachisale, ndayang'ana m'buku la mapulogalamu. Pali akawuntingi yoyamba, yomwe imaphunzitsidwa m'semesita yoyamba ya chaka yokha, ndi akawuntingi yachiwiri m'semesita yachiwiri yokha. Pambuyo pake pali akawuntingi yapakati, yomwe ili m'zigawo ziwiri motsatizana chimodzimodzi, kenako akawuntingi yapamwamba m'semesita yoyamba, ndipo pomaliza pali phunziro la oditi m'semesita yachiwiri, lomwe limafuna kuti munthu akhale atakhoza yapamwambayo. Onse pamodzi ndi maphunziro 6. Za makirediti 30 aja, anandifotokozera kuti 15 alowa m'malo mwa maphunziro okakamiza a chilankhulo, masamu ndi kompyuta, ndipo 15 enawo alowa ngati maphunziro osankha wekha. Otsalawo, omwe ndi 12, sakuwerengedwa chifukwa malo a maphunziro osankha wekha ndi a makirediti 15 okha.

Mayi Nachisale:
Zimene mwalembazi ndi zimene zikusonyeza tsiku lanu lomalizira. Maphunziro 6 amenewa ali ngati makwerero a masitepe 6, ndipo mumaloledwa kuponda sitepe imodzi yokha pa semesita, ngakhale mutakhala ndi nzeru zotani. Semesita ikubwerayi, yomwe ndi yachinayi kwa inu, ndi semesita yachiwiri ya chaka, ndiye kuti akawuntingi yoyamba kulibe. Mudzaiyamba m'semesita yanu yachisanu, yachiwiriyo m'semesita ya 6, zigawo ziwiri za yapakati m'masemesita a 7 ndi 8, yapamwamba m'semesita ya 9, ndipo oditi m'semesita ya 10. Mwachidule, mudzamaliza pakatha zaka zisanu, osati zinayi ndi theka, ndipo kutenga makirediti 18 pa semesita sikungafupikitse nthawiyi ngakhale pang'ono. Mukumbukirenso kuti kulephera phunziro limodzi mwa amenewa kumawonjezera chaka chathunthu, chifukwa mumadikira kuti semesita yake ibwerenso.

Pali vuto lina limene silioneka msanga. Makirediti 90 otsalawo mukawagawa m'masemesita 7 mupeza pafupifupi 13 pa semesita. M'mayunivesite ambiri owerenga makirediti mwanjira imeneyi, wophunzira amatengedwa kuti ndi wa nthawi zonse akakhala ndi makirediti 12 kapena kuposa, ndipo olipira fizi ambiri amafuna zimenezo. Masemesita 7 a makirediti 12 ndi 84, choncho mpata wanu ndi wa makirediti 6 okha. Mukathamanga ndi kutenga 15 kapena 18 m'masemesita oyambirira, mudzafika chaka chomaliza mutatsala ndi phunziro limodzi kapena awiri pa semesita, ndipo mudzasanduka wophunzira wa maola ochepa pa nthawi imene mukufunitsitsa thandizo. Komanso malo anu a maphunziro osankha wekha adzazidwa kale ndi bayoloje, ndiye kuti m'semesita yachinayi muyenera kupeza maphunziro anayi okakamiza amene safuna akawuntingi yoyamba, monga chiyambi cha zachuma, malamulo a bizinesi kapena kayendetsedwe ka ntchito. Muone ngati alipodi anayi m'semesita imeneyo ndiponso ngati maola ake sakuwombana.

Chomaliza pa mbali iyi, funsani ku ofesi ya rejisitala ngati mudzatsatira ndondomeko ya maphunziro ya chaka chimene munalowa pa yunivesite kapena ya chaka chimene mwasinthira. Ambiri amaika wosintha pa ndondomeko yatsopano, ndipo ngati inawonjezera phunziro lina, chiwerengero cha 90 chija chisintha. Makirediti 30 ajanso apempheni alembedwe phunziro ndi phunziro pa pepala losayinidwa, chifukwa akuluakulu a madipatimenti amasintha, ndipo wodzabwera pambuyo sadzadziwa zimene mnzake analonjeza pakamwa.

Bambo Mwale:
Ndavomera kuti za kutsatizana kwa maphunziro sindinaziwerengere. Komabe sindikuona kuti zaka zisanu ndi zosapeweka. Madipatimenti ena amaphunzitsanso phunziro loyamba m'semesita yachiwiri chifukwa cha amene analephera kapena ophunzira a madzulo, ngakhale kuti sizilembedwa m'buku. A Tadala akaloledwa kulowa m'kalasi yoteroyo semesita ikubwerayi, ndiye kuti apulumutsa semesita imodzi.

Mayi Nachisale:
Ganizo lofunsa za kalasi yoteroyo ndi labwino, a Mwale, koma palokha silipulumutsa kanthu. Akakhoza akawuntingi yoyamba m'semesita yachinayi, yachiwiriyo adzaidikirabe mpaka semesita ya 6, popeza m'semesita yachisanu siphunzitsidwa. Njirayi ingathandize pokhapokha ngati akawuntingi yachiwiri imaphunzitsidwanso pa tchuthi chachitali. Zikatero, angayambe yapakati m'semesita yachisanu ndi kumaliza oditi m'semesita ya 8. Koma taonani katundu wake: kuchotsa makirediti 3 a pa tchuthi, atsala 87 oti amalize m'masemesita 5, kutanthauza masemesita anayi a makirediti 18 ndi imodzi ya 15, popanda kulephera ngakhale phunziro limodzi. N'zotheka, koma ine sindingalangize munthu amene sanaphunzirepo akawuntingi kuti amange dongosolo lake lonse pa zimenezi asanaone mmene phunziro loyamba limuyendere.

Kondwani:
Ine ndilowe pa funso lachitatu, chifukwa ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za thandizo la ophunzira. A Tadala, musadikire kuti zonse zitheke. Olipira fizi muwafunse fomu isanafike kwa rejisitala, popeza ikangolembedwa m'kaundula, kubwerera ku bayoloje kumafuna pempho latsopano ndipo malo anu angakhale atapita.

Sikolashipu ndi ngongole muziziona ngati nkhani ziwiri zosiyana, iliyonse ndi kalata yake. M'kalata iliyonse fufuzani ngati thandizo linaperekedwa kwa inu monga munthu kapena kwa inu monga wophunzira wa pulogalamu yakutiyakuti, ngati lili ndi malire a zaka kapena masemesita, komanso zimene limafuna pa magiredi ndi pa chiwerengero cha makirediti pa semesita. Mfundo imene ophunzira ambiri amaiphonya ndi yakuti wolipira amawerenga nthawi imene walipira kale, pamene dipatimenti imawerenga zimene mwakhoza. Makirediti 12 amene dipatimenti yatsopano yakana, ndi 3 a kemisitile aja, kwa dipatimenti kulibe, koma wolipira anawalipira ndipo amawawerengera.

Ndipereke zitsanzo za mayiko awiri kuti muone mmene malire otere amamangidwira. Ku Amerika, wolandira thandizo la boma pa digiri yoyamba ayenera kumaliza asanapyole 150 peresenti ya kutalika kwa pulogalamu yake, choncho pa digiri ya makirediti 120 malire ndi makirediti 180 olembetsedwa, kuphatikizapo amene walephera. Nkhani yanu itakhala ya kumeneko, 45 kuwonjezera 90 ndi 135, ndipo mukanakhala mkati mwa malire bwinobwino. Ku England, ngongole ya fizi imawerengedwa motere: zaka za pulogalamu yatsopano, kuwonjezera chaka chimodzi, kuchotsa zaka zimene munthu waphunzira kale, ndipo chaka chimene wangochiyamba n'kusiya chimawerengedwa chathunthu. Wosintha atatha chaka chimodzi n'kuyambiranso digiri ya zaka zitatu amalipiriridwa zaka zonse zitatu, koma wosintha atalowa m'chaka chachiwiri amatsala ndi zaka ziwiri zokha, ndipo chaka chimodzi amadzilipirira. Malamulo a wokongoza wanu angakhale ena, koma funso loti mumufunse ndi lomwelo: kodi malire ndi a zaka, a masemesita kapena a makirediti, ndipo nthawi ya ku bayoloje ikuchotsedwa bwanji?

Ngati makalata anu onse akunena masemesita 8, ndiye kuti pa dongosolo limene Mayi Nachisale awerengera muyenera kupeza fizi yonse ya masemesita awiri omaliza, pamodzi ndi ndalama zogonera ndi zodyera za chaka chimenecho. Maphunziro a pa tchuthi nawonso kawirikawiri amalipiridwa padera, ndipo si olipira onse amene amawavomera.

Yamikani:
Zimene a Kondwani akunenazi zinandichitikira ine, ngakhale kuti nkhani yanga inali yochoka ku uphunzitsi kupita ku zachuma. Yunivesite inavomereza zonse, kalata ya rejisitala inatuluka, ndipo palibe ofesi imene inandifunsa za ondilipirira. Bungwe limene linkandilipirira linadziwa pamene linalandira pepala la fizi lolembedwa dzina la pulogalamu ina, ndipo linaimitsa malipiro nthawi yomweyo. Cholinga chawo chinali kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo m'pangano limene ndinasayina munali ndime yonena kuti wosiya uphunzitsi adzabweza ndalama zimene zagwiritsidwa kale ntchito. Chifukwa cha fizi yosalipiridwayo, akaunti yanga inatsekedwa ndipo sindinathe kulembetsa maphunziro pa nthawi yake. Tinagwirizana pambuyo pake kuti ndizibweza pang'onopang'ono ndikayamba ntchito, koma semesita ija ndinaitaya. A Tadala, muyang'ane ngati m'pangano lanu muli ndime yobweza, chifukwa kutaya thandizo la m'tsogolo n'kosiyana ndi kusandutsa thandizo lakale kukhala ngongole.

Bambo Mwale:
A Kondwani, ine ndinamvapo kuti munthu akasintha pulogalamu kuwerenga kumayambiranso, ndipo magiredi akale amafufutidwa. Kodi zimenezi si zoona?

Kondwani:
Zili ndi mbali yoona, a Mwale, koma yaing'ono. Masukulu ena ali ndi lamulo lakuti maphunziro amene sakulowa m'pulogalamu yatsopano asawerengedwe poyeza ngati wophunzira akupita patsogolo mokwanira, ndipo ena amalola zimenezi kamodzi kokha kapena munthu akachita apilo. Limeneli ndi lamulo la sukulu, ndipo silisintha malire amene wopereka ndalama anaika. Mwachitsanzo, ku Amerika komweko thandizo la boma la ophunzira ovutika, lomwe silibwezedwa, lili ndi malire ofanana ndi masemesita 12 a wophunzira wa nthawi zonse pa moyo wake wonse, ndipo kusintha pulogalamu sikubwezera semesita imene yadyedwa kale. Za kufufuta, magiredi akale nthawi zambiri amakhalabe pa chikalata cha zotsatira. Chimene chimasiyana ndi chakuti kwina amawaphatikiza powerengera avareji ya digiri, kwina ayi. Kwa a Tadala funsoli ndi lofunika, chifukwa ngati sikolashipu yawo imafuna avareji inayake, kemisitile ija ingapitirize kuwakokera pansi ngakhale atachoka ku sayansi.

Tadala:
Ndawerenga makalata onse awiri monga mwandilangizira. Ya ngongole ikunena zaka zinayi, ndipo ikuti chaka chowonjezera chingaganiziridwe munthu akapempha ndi kalata yochokera ku yunivesite, koma sikulonjeza kuti adzapatsidwa. Ya sikolashipu ikunena masemesita 8, ikufuna kuti ndikhale wophunzira wa nthawi zonse, ndipo ikuti kusintha kulikonse kwa pulogalamu kuyenera kuvomerezedwa ndi bungwe polemba kalata kusinthako kusanachitike. Ndime yobweza ndalama mulibe. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'mawu oyamba a kalatayo analemba kuti thumba lawo linakhazikitsidwa pofuna kuthandiza atsikana ophunzira sayansi, ngakhale kuti pa mndandanda wa malamulo mawu akuti sayansi sakupezekapo. Vuto linanso ndi la nthawi, chifukwa mafomu a yunivesite akutsekedwa pakatha masabata atatu, pamene bungwelo komiti yake imakumana pakatha miyezi iwiri.

Mayi Nachisale:
Pamenepa ndikuona njira imene ingakuthandizeni, ndipo ikuchokera pa kuchedwa komwe kuja. Popeza akawuntingi yoyamba simungaiyambe mpaka semesita yachisanu, simukukakamizika kusintha pulogalamu semesita ikubwerayi. Funsani ngati wophunzira wa bayoloje amaloledwa kulembetsa maphunziro a zachuma ndi malamulo a bizinesi kuchokera ku dipatimenti ina. Ngati n'zololedwa, mungakhalebe pa bayoloje m'kaundula, n'kutenga maphunziro amene adzawerengedwe ku akawuntingi, uku mukudikira yankho la bungwe, kenako n'kupereka fomu pa nthawi yotsatira. Tsiku lomalizira silisintha ngati maphunzirowo akwana makirediti 12. Kuipa kwake n'kwakuti malo amene alipo lero ku akawuntingi mwina sadzakhalapo, ndipo bungwe likakana n'kusankha kukhalabe ku bayoloje, mudzakhala mutatsalira pa maphunziro otsatizana a kumeneko. Kuti mudziteteze, mungasunge phunziro limodzi kapena awiri a bayoloje amene ndi khomo la chaka chachitatu, ndipo mupemphe mkulu wa dipatimenti ya akawuntingi akulembereni ngati angakusungireni malo.

Kondwani:
Njira imeneyo ndikuikayikira pang'ono, Mayi Nachisale. Olipira ena amangolipira maphunziro amene akuwerengedwa ku pulogalamu imene wophunzira walembetsedwa, ndipo bungwe lingaone ngati a Tadala asintha mwakachetechete asanapatsidwe chilolezo chimene kalata ikufuna. Ine ndikanalemba kalata ku bungwe sabata ino, yofotokoza dongosolo lonse la masemesita 10, maphunziro amene akufuna kutenga semesita ikubwerayi ndi tsiku limene mafomu akutsekedwa, n'kupempha ngati wapampando angapereke yankho loyembekezera komiti isanakumane. Kalata yomweyo ifunse mosabisa ngati mawu akuti sayansi ali lamulo kapena ayi. A Tadala, mufunsenso kwa rejisitala ngati fomu yovomerezedwa ingaimitsidwe kuti iyambe kugwira ntchito m'semesita yachisanu, chifukwa zikatheka mungaipereke mkati mwa masabata atatuwa, malo n'kukhala anu, pamene kaundula sanasinthe.

Mayi Nachisale:
Kumene ndagwirako ntchito, fomu inkayamba kugwira ntchito semesita yotsatira basi, ndipo wofuna kuichedwetsa ankauzidwa kuti adzapemphenso. Komabe m'malo ena fomuyo imakhala ndi mzere wolembapo semesita yoyambira, choncho a Tadala aione bwino fomu yawo asanapite kukafunsa. A Tadala, mukapeza mndandanda wa maphunziro a semesita ikubwerayi ndi maola ake, tilembereni pano kuti tione ngati maphunziro anayi aja akupezekadi.